Mafuta a m'chubu akutidyera ndalama, koma si chifukwa choti sitidziwa masamu

Asisi, funso ili ndalimva kangapo m'misonkhano yathu ya kudera, ndipo nanenso ndinkadzifunsa nditangoyamba kukhala pandekha: ndalama ikupita kuti? Simunagule diresi kapena kupita kusaluni, foni ndi yomweija yosweka galasi, koma pofika pa 20 muli mbuu. Mukawerengera zomwe mwagula mukupeza timafuta, tisuga, kaufa, kajumbo ka makala, kasopo. Zonse ndi za "ti" ndi "ka", ndipo palibe chimodzi chomwe munganene kuti ichi ndiye chandimaliza.

Ine ndikuti zomwe zakumalizani ndi "ti" ndi "ka" zomwezo. Munthu wogula pang'onopang'ono tsiku ndi tsiku amalipira ndalama zambiri pa lita imodzi ya mafuta, pa kilo imodzi ya ufa, kuposa bwana amene amadzaza galimoto kamodzi pa mwezi. Wosauka amagula modula kuposa wolemera. Zimamveka ngati nthabwala, koma masamu ake ndi osavuta, ndipo ndikufuna tiwachitire limodzi. Komanso ndinene pachiyambi pomwe: sindinabwere kudzakunenani kuti simudziwa bajeti. Anthu okonda kunena zimenezo ambiri sanayambe akhalapo ndi K3,000 yokha m'manja pomwe ana akudikira nsima.

Tiyambe ndi mafuta ophikira, chifukwa ndi pomwe nkhaniyi imaonekera bwino. Mitengo ikusintha mwezi ndi mwezi, choncho manambala omwe ndilembe apa ndi ongoyerekeza, osavuta kuwerengera. Inu muikemo mitengo ya pa okala ya kwanuko, njira yake ndi yomweyo.

Tiyerekeze kuti chubu cha mafuta, chija amamanga mfundo kumapetochi, chili pa K500. Funso lomwe sitidzifunsa ndi loti muli mafuta ochuluka bwanji m'menemo, popeza pachubu salembapo kanthu. Kudziwa kwake n'kosavuta. Tengani botolo la madzi akumwa la theka la lita, lija lolembedwa 500, louma bwino. Tsiku lomwe mwagula machubu awiri, akhuthulireni m'botolomo musanaphike, muike chizindikiro pomwe mafuta alekezera. Ngati machubu awiri afika gawo limodzi mwa magawo asanu a botolo, ndiye kuti machubu khumi ndi omwe angalidzaze. Machubu khumi theka la lita, machubu 20 lita imodzi. Pa K500 chubu chimodzi, lita imeneyo mukuigula K10,000.

Tsopano pitani mushopu yaikulu. Tiyerekeze kuti chigubu cha malita 5 chili pa K32,000. Mtengowo ukangouona mtima umagunda, umabweza chigubucho pashelefu mwaulemu ngati khanda la eni. Koma gawani K32,000 ndi 5. Lita imodzi ikubwera K6,400. Mafuta ndi omwewo, mwinanso ochokera kufakitale imodzi, koma wina akulipira K6,400 pomwe inu mukulipira K10,000.

Pa tsiku kusiyanaku sikuoneka. Ngati mumagwiritsa machubu awiri, limodzi masana lina madzulo, ndi K1,000 basi. Ndani angadandaule ndi K1,000? Koma pa masiku 30 mwagula machubu 60, omwe ndi malita atatu, ndipo mwalipira K30,000. Malita atatu omwewo, pa mtengo wa chigubu chija, ndi K19,200. Kusiyana kwake ndi K10,800 pa mwezi, pa mafuta okha. Sitinakhudze suga, ufa, sopo, makala, mchere, matewera a mwana ogula limodzilimodzi. Chilichonse mwa zimenezi chili ndi kamsonkho kake kobisika, ndipo mukaziphatikiza mupeza kuti mwezi uliwonse mukutaya ndalama yoti ikanathandiza pa lendi.

Ndiye n'chifukwa chiyani zili chonchi? Yankho lachangu lomwe anthu amapereka ndi loti a pa okala ndi akuba. Ine ndikukana, ndipo ndikukana chifukwa ndinakhalapo pansi ndi mayi wina wogulitsa mafuta oyeza kudera komwe ndimagwira ntchito, tikumangira limodzi machubu. Taonani mbali yake. Tiyerekeze kuti wapikula ndowa ya malita 20 pa K120,000. Akayeza bwino atulutsa machubu 400, omwe akagulidwa onse ndi K200,000. Mukaona choncho munena kuti eee, K80,000 yonseyo phindu! Koma dikirani. Achotsepo ndalama ya kabaza wonyamula ndowayo kuchokera mtauni. Achotsepo mapepala a machubu. Achotsepo chiphaso cha pamsika cha tsiku ndi tsiku ngati ali pamsika, kapena lendi ya kaokala. Mafuta ena amatsalira m'ndowa, ena amatayika, chubu china chimaphulika. Pali ngongole za anthu oti "ndikupatsani mawa" omwe mawa lawo silifika. Ndipo machubu 400 sagulidwa tsiku limodzi. Ngati akugulitsa 20 pa tsiku, ndowayo imutengera masiku 20, ndiye kuti K80,000 ija ndi K4,000 pa tsiku asanachotse zonse ndatchulazi. Mayiyu si wolemera ayi. Mwina nayenso madzulo amakagula wokumani wa ufa kwa mnzake.

Choncho mukagula chubu simukulipira mafuta okha. Mukulipira pepala, mukulipira nthawi ya munthu amene wakhala padzuwa tsiku lonse kudikira K500 yanu, mukulipira ulendo womwe iye wayenda m'malo mwanu, ndipo mukulipiranso ngongole ya neba wanu yemwe sanabweze. Kuonjezera apo, katundu akamafika pa okala amakhala wadutsa m'manja ambiri: fakitale, wogulitsa mopikulitsa, wa shopu ya pamsika, kenako wa okala. Dzanja lililonse limatapapo. Wogula chigubu mushopu yaikulu walumpha manja awiri kapena atatu.

Pali chinthu chinanso chomwe chimandisowetsa mtendere kuposa zonsezi, ndicho muyezo. Paketi ya suga ya kilo imodzi yalembedwa kuti ndi kilo imodzi, ndipo masikelo a malonda ali ndi bungwe lowayang'anira, la boma loona za miyezo. Koma chubu, kapepala ka suga, mulu wa tomato, jumbo ya makala, zimenezi zilibe muyezo wolembedwa. Mitengo ikakwera kopikula, wogulitsa amadziwa kuti akanena K700 mupita kwa mnzake. Ndiye mtengo amausiya pa K500 pomwepo, n'kusuntha mfundo ya chubu pang'ono. Inu mukuti mafuta sanakwere, chonsecho akwera. Mumazindikira patapita nthawi kuti machubu awiri sakukwananso ndiwo zomwe ankakwana, mwayamba kugula atatu. Mwezi wa Novembala 2023, pomwe kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, tonse tinaona mitengo ya m'mashopu ikusinthidwa poyera. Ya pa okala yambiri inasintha mwakachetechete, kudzera m'kuchepa kwa katundu. Botolo lija la chizindikiro ndi lomwe lingakuuzeni zoona. Muyeze lero, mudzayezenso pakatha miyezi iwiri.

Komanso mitengo ya tinthu ting'onoting'ono imayenda molumpha. Palibe amene angakugulitseni chubu pa K430. Chimakhala K400 kapena K500, ndipo nthawi zambiri chimagwera kumtunda. K70 imeneyo pa chigubu cha K32,000 si kanthu, koma pa chinthu cha K500 chomwe mukugula kawiri pa tsiku ndi ndalama. Osanenanso za chenje chija chimasanduka switi.

Ufa nawo uli ndi nkhani yake, ndipo apa nyengo imalowererapo. Kajumbo ka ufa kokwana nsima imodzi kapena ziwiri timakatchula kuti wokumani. Anzathu a ku Zambia amati pamela, kusonyeza kuti vutoli si la ku Ndirande kapena ku Mtandire kokha. Munthu wogula thumba la chimanga la makilo 50 amalipira chimanga, chigayo ndi thiransipoti, ndipo akakonoletsa amataya makilo ena ngati madeya, pomwe wa mgaiwa sataya zambiri. Ngakhale mutawerengera zonsezo, kilo ya ufa wake imatsikabe kuposa ya wokumani, pa zifukwa zomwe zija za chubu. Koma kusiyana kwenikweni kuli pa nthawi yogulira. Chimanga chimatsika mtengo anthu akangokolola, cha m'ma Meyi ndi Juni, n'kukwera kwambiri nthawi ya njala, Januwale mpaka Malichi. Amene anali ndi ndalama mu Juni akudya nsima ya mtengo wa Juni mu Febuluwale. Wa wokumani amagula pa mtengo wa tsikulo, tsiku lililonse, kuphatikizapo masiku oipitsitsa a chaka. Mitengo ikamakwera msanga ngati mmene yakhalira zaka zino, kugula zambiri nthawi imodzi kuli ngati kutseka chitseko mtengo usanalowe. Wogula tsiku ndi tsiku chitseko chake chimakhala chotsegula.

Tsopano tifike pomwe ambiri olemba za ndalama amalakwitsa. Akatha kuonetsa masamu ngati awa amamaliza ndi kuti "choncho muzigula zambiri nthawi imodzi", ngati kuti azimayi a m'makomboni sanaganizepo zimenezo. Asisi, palibe mayi amene sadziwa kuti chigubu n'chotchipa kuposa chubu. Vuto ndi loti K32,000 ija imafunika yonse tsiku limodzi, pomwe ndalama yathu imabwera modontha. Wochapa zovala za anthu amalandira akachapa. Wogulitsa mandasi amapeza ya tsikulo. Woluka tsitsi mwina lero makasitomala atatu, mawa zii. Ndalama yobwera tsiku ndi tsiku imagula tsiku ndi tsiku. Pamenepa palibe uchitsiru. Kuti ugule motchipa uyenera kuyamba wakhala ndi ndalama, ndipo msampha wake ndi umenewo.

Ndiye pali nkhani ya ndalama ya ndiwo. M'manyumba ambiri bambo amalandira pa mwezi, koma mayi amamusiyira ya tsiku patebulo m'mawa uliwonse. Malipiro abwera athunthu, oti akanagula thumba la chimanga, chigubu cha mafuta ndi makala a thumba, koma afika kukhitchini ataduliratu tizidutswa 30. Kenako munthu yemweyo akufunsa kuti bwanji ndalama sikukwana, bwanji mkazi wa uje amatha kusamala. Ine apa sindibisa maganizo anga: bambo amene amapereka ndalama ya pakhomo mwa tsiku ndi tsiku pomwe angathe kupereka ya mwezi akuluzitsa banja lake lomwe, ndipo mlandu wa kuluzako usamagwere mkazi. Ngati kwanu zili choncho ndipo ndi munthu womva, muonetseni masamu a mafuta aja papepala. K10,800 ndi chilankhulo chomwe amuna ambiri amamva msanga kuposa madandaulo. Koma ndikudziwanso kuti kwina kupereka pang'onopang'ono ndi dala, n'cholinga choti mkazi azipempha tsiku lililonse. Kumeneko masamu a mafuta sangathandize.

Chachitatu ndi malo. Chipinda chimodzi cha lendi, momwe muli bedi, mbaula, ndowa za madzi ndi ana awiri, thumba la chimanga muliika pati? Pansi pamachita chinyezi nthawi ya mvula, denga limadontha, makoswe ndi a landilodi omwe sapereka lendi. Filiji palibe, ndipo ngakhale ikhalepo magetsi ake ndi omwewa timawadziwawa.

Ndipo chachinayi, chomwe timachita manyazi kuchitchula: chinthu chikaoneka chambiri pakhomo, chimakhala cha anthu onse. Neba abwera ndi kakapu, "tangondigawirako pang'ono, ndibweza". Achimwene adutsa, aona thumba, akumbuka kuti kwawo ufa watha. Kukana n'kovuta, chifukwa mawa ndiwe udzapite ndi kakapu kwa iwo. Mayi wina anandiuza mosabisa kuti amagula wokumani dala, chifukwa palibe amene angapemphe ufa womwe uli kale m'poto. Ndinaseka, koma ndinaona kuti wawerengera bwino kuposa ine. Kwa iye ndalama yoonjezera ija ndi mtengo wa loko.

Zimenezi zikutifikitsa pa chinthu chofunika kuchimvetsa: kugula zambiri sikupulumutsa ndalama nthawi zonse. Pali njira zingapo zomwe phindu lija limathawira, ndipo ndi bwino kuzidziwa musanathire ndalama yanu yonse m'chigubu.

Yoyamba ndi dzanja. Chubu chimakuletsa, chikatha chatha. Chigubu sichiletsa. Mumangopendeketsa, ndiwo zikusambira m'mafuta, ana ayamba kukazinga mbatata masana. Bwererani ku masamu athu: malita 5 ayenera kukhala masiku 50 ngati mukugwiritsa muyezo wa machubu awiri pa tsiku. Akatha pa masiku 32, ndiye kuti mwagwiritsa K1,000 pa tsiku, chimodzimodzi ndi wa machubu. Mwadya zonona, inde, koma simunasunge kanthu. Mankhwala ake ndi osavuta: chigubu chikhale kobisika, pa mbaula pazikhala kabotolo ka sabata imodzi. Lembani tsiku lomwe mwatsegula chigubucho pa chigubu pomwepo. Likadzatha mudzawerenge masiku, mugawe mtengo ndi masikuwo. Nambala imeneyo ndi yomwe ikuuzeni ngati mwapindula.

Yachiwiri ndi kuonongeka. Chimanga chosauma bwino chimachita chuku, ndipo chimanga kapena mtedza wa chuku si wongotaya kukoma, umatha kukhala ndi poizoni woononga chiwindi. Chouma bwino nacho anankafumbwe amachipeza ngati simunathire mankhwala osungira mbewu kapena kuchiika m'matumba aja osalowa mpweya. Thumba likhale pa thabwa kapena pa njerwa, osati pa simenti, komanso lisagunde khoma. Ufa wa mgaiwa suchedwa kusintha fungo poyerekeza ndi ufa woyera, choncho ndi bwino kusunga chimanga n'kumagayitsa cha masabata awiri kapena atatu. Mafuta asakhale padzuwa. Tomato, masamba, nsomba zaziwisi, izi musavutike nazo, kugula za tsiku n'kolondola. Zoyenera kugula zambiri ndi zomwe sizionongeka msanga ndipo mumazigwiritsa tsiku lililonse: mafuta, suga, mchere, sopo, nyemba, chimanga, makala, mapadi.

Yachitatu ndi ulendo. Mukakwera minibasi kupita ku Limbe kapena ku Malangalanga n'kubwerera, kukagula chinthu chimodzi chokha, thiransipoti imadya gawo lalikulu la zomwe mumati mupulumutse. Ulendo wotero umafuna kuti mugule zinthu zingapo, kapena mupite mmodzi m'malo mwa anthu anayi.

Ndipo musakhulupirire kuti chachikulu n'chotchipa chifukwa choti n'chachikulu. Nthawi zina mushopu mabotolo awiri a malita awiriawiri amatsika pa lita kuposa chigubu cha malita 5, makamaka pakakhala zotsitsa mitengo. Foni muli nayo m'manja. Mtengo, kugawa ndi malita kapena makilo, basi. Anthu akuyang'aneni, ndalama ndi yanu.

Nanga munthu wa K1,000 pa tsiku angafike bwanji pa chigubu? Ena amathamangira katapila. Tiyeni tiwerenge. Mwakongola K32,000 kwa munthu woti mubweze ndi theka pamwamba, ndiye kuti mubweza K48,000. Malita 5 omwewo m'machubu akanakutengerani K50,000. Mwapulumutsa K2,000 yokha, n'kudzigulira munthu wogogoda pakhomo panu pa 30, pomwe mafutawo mukanawalipira pang'onopang'ono masiku 50. Katapila wa chakudya ayi ndithu. Ku banki m'khonde chiwongoladzanja chimakhala chotsikirapo ndipo chimabwerera kwa inu nomwe pogawana, koma nakonso muwerengere kaye musanatenge.

Njira yomwe ndaiona ikugwira ndi yokwera makwerero, chinthu chimodzi pa nthawi. Musayambe ndi chigubu. Yambani ndi botolo la lita imodzi, tiyerekeze lili pa K7,500. Ndalama imeneyi ifunika kamodzi kokha, tsiku lomwe geni yayenda bwino kapena mwalandira ya chipereganyu. Botolo limeneli likhala masiku khumi. Chinsinsi chili apa: m'masiku khumiwo, K1,000 ija munkapereka pa okala musaione ngati yapulumuka. Muziiponya m'kachitini tsiku lililonse ngati kuti mukugulabe machubu, kungoti wogulitsa tsopano ndinu. Pakutha pa masiku khumi muli ndi K10,000. Mwagula lita ina, yatsala K2,500. Pa masiku 20 muli ndi K12,500, mwagulanso, yatsala K5,000. Pa masiku 30 muli ndi K15,000, ndipo mutha kugula botolo la malita awiri, tinene pa K14,000. Limeneli likupatsani masiku 20. Mukaligula katatu, ndalama yotsala ikukulirakulira, pofika tsiku la 90 m'chitini muli K33,000. Chigubu chija munabweza pashelefu mwachinyamula, osakongola kwa munthu, osaonjezera ngakhale tambala pa zomwe munkagwiritsa kale.

Miyezi itatu ndi yaitali, sindikukana. Ndipo chitini chili ndi adani: mwana wadwala, maliro agwa, mayunitsi a magetsi atha usiku. Chikaphwanyidwa chaphwanyidwa, musadzione olephera, ndi ntchito yakenso imeneyo. Koma mukafika pa chigubu, K1,000 ya tsiku ija imasanduka K50,000 pa masiku 50, pomwe chigubu china chikufuna K32,000. Yotsalayo ndi yomwe mumayambira makwerero a suga, kenako a sopo, kenako a makala. Chinthu choyamba ndi chomwe chimavuta.

Njira yachidule ndi kuphatikizana. Azimayi anayi asonkha, mmodzi apita kukapikula ndowa ija ya malita 20 pa K120,000, kabaza K4,000. Aliyense wapereka K31,000 ndipo watenga malita 5, lita pa K6,200. Ngati K31,000 yachuluka, khalani anthu khumi: aliyense K12,400, malita awiri. Belo la suga la mapaketi 20 ndiye losavutiratu kugawana, chifukwa palibe zoyeza. Thumba la makala, katoni ya sopo, chimodzimodzi. Chipereganyu timachidziwa kale, kungoti nthawi zambiri timachisungira ziwiya ndi zitenje. Chingathenso kukhala cha mafuta ndi sopo.

Koma ndikuchenjezeni, chifukwa gulu lathu loyamba linatha ndi mkangano. Tinagawana mafuta ndi jagi yosalemba muyezo, womaliza kuthiridwa anapeza ochepa, ndipo mawu omwe ananenedwa tsiku limenelo ena mpaka lero sapatsana moni bwinobwino. Tinaphunzirapo zinthu zitatu. Ndalama isonkhedwe yonse musanapite kogula, palibe za "ndilipirireni ndikupatsani". Wopita kogula abwere ndi lisiti, ndipo thiransipoti yake ilowe m'masamu poyera. Pogawana onse akhalepo, muyezo ukhale umodzi, botolo lomwelo kwa aliyense, ndipo muzithira mozungulira lita imodziimodzi kuti kuchepa kukakhalapo kugwere onse. Zikuoneka ngati kusakhulupirirana, koma gulu lachiwiri lomwe linatsatira zimenezi likuyendabe.

Pali funso lomwe mtsikana wina anandifunsa pa msonkhano ndipo linandigwira: tonse tikayamba kupikula tokha, mayi wa machubu uja adya chiyani? Ndi funso labwino, chifukwa mayiyo ndi mmodzi wa ife. Yankho langa ndi loti okala sidzatha. Tsiku lomwe alendo abwera mwadzidzidzi, tsiku lomwe chitini chaphwanyidwa, tidzapitabe kwa iye, ndipo ndi iye yekha amene angatikongoze usiku popanda kusainitsa. Shopu yaikulu siidziwa dzina la mwana wanu. M'gulu lathu lachiwiri tinachita kumulowetsa mayi wa okala. Iye ndiye amadziwa kopikula motchipa, amadziwa mafuta abwino ndi osakaniza, ndipo ndowa yathu imakwera kabaza mmodzi ndi yake. Timamupatsa kenakake ka ulendo, iye thiransipoti yamuchepera, ife mtengo watitsikira.

Chomwe sindivomereza ndi kuti nkhaniyi izithera pa ife ogula basi, ngati kuti ndi khalidwe lathu lomwe lavuta. Abwana amene amalipira wantchito wa pakhomo mochedwa, kapena momudulira "tenga iyi kaye, ina mawa", akumukankhira ku machubu. Makampani amadziwa bwino kuti anthu ambiri ali ndi ndalama ya tsiku, n'chifukwa chake sopo wa ufa, majarini, mkaka ndi tiyi zonse zili ndi timapaketi take, ndipo nthawi zambiri mukagawa mtengo ndi magalamu kapaketiko ndi komwe kali pamwamba. Mashopu akuluakulu akanamalemba mtengo wa pa kilo kapena pa lita pansi pa katundu aliyense, moonekera bwino, bwenzi munthu akuona yekha popanda kutulutsa foni. Zimenezi n'zoti tizizifunsa mokweza, kwa eni mashopu ndi kwa mabungwe oteteza ogula.

Pakadali pano, sabata ino chitani chinthu chimodzi chokha. Sankhani katundu mmodzi yemwe mumagula pafupifupi tsiku lililonse, kaya mafuta, kaya suga, kaya makala. Lembani ndalama iliyonse yomwe mwapereka pa iye kwa masiku asanu ndi awiri, ndipo muyeze kuchuluka kwake ndi botolo kapena kapu imodzi. Loweruka mukafunse mtengo wa paketi yotsatira kukula kwake, osati yaikulu kwambiri, yotsatira chabe. Mubwere ndi manambala onse awiri tikakumana, ndipo amene ali ndi botolo lolembedwa muyezo alinyamule.